Manambala onse ankaoneka pa sikirini

Malisiti a mwezi wonse ankayenera kukhala atalowetsedwa mu Excel, zithunzi zake zili pomwepo, pofika 8 koloko m'mawa wa Lachisanu, chifukwa 9 koloko kumabwera anthu odzafufuza mabuku a ndalama. Ntchitoyi inali m'manja mwa kalaliki mmodzi, munthu wodekha amene ndamudziwa kwa nthawi yaitali, ndipo Lachinayi masana anali atatsala ndi zambiri ndithu. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta a m'maofesi, ndiye nkhaniyi ndinaipeza itapsa kale. Zimene ndikufotokoza pano ndinazilumikiza kuchokera pa zimene mwiniwakeyo anandiuza komanso zimene kompyutayo inandionetsa, pakuti kompyuta imalemba nthawi ya chilichonse ngakhale munthu ataiwala.

Kompyuta yake inali ndi disiki yaing'ono, ya 120 GB, ndipo inali itadzaza kalekale. Akatsegula This PC, kamzere kosonyeza malo a pa Local Disk (C:) kankaoneka kofiira. Windows imafiiritsa kamzere kameneka malo otsala akachepera gawo limodzi mwa magawo khumi a disiki yonse. Koma kanali katakhala kofiira kwa miyezi yambiri popanda choipa chilichonse kuchitika, moti kalalikiyu ankangokaona ngati mtundu wake wa kamzereko. Lachinayi limenelo cha m'ma 4 koloko, malo otsala anali 2.1 GB.

Anayamba ndi kusikana. Malisiti anali atawamata pa mapepala a A4, masamba 60 onse pamodzi. Sikana ya mu ofesimo wina anaitchera kale pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, ya mitundu, mwina tsiku lina pofuna kusikana chithunzi cha pa chiphaso, ndipo palibe anaibwezeranso. Apa m'pofunika kuwerengera pang'ono. Tsamba la A4 pa 600 dpi limakhala ndi timadontho 4,960 m'mimba mwake ndi 7,016 m'litali, ndipo kadontho kalikonse ka mitundu kamadya mabayiti atatu. Mukachulukitsa mupeza kuti tsamba limodzi, lisanapanikizidwe, ndi pafupifupi 100 MB. Pulogalamu ya sikanayo inkayamba yasunga masamba osapanikizawo mu foda ya mafayilo ongoyembekezera, kenako n'kuwaphatikiza kukhala PDF imodzi yaing'ono, ikatero n'kufufuta akuluakulu aja. Choncho masamba khumi ankabwereka malo okwana 1 GB kwa kanthawi, n'kubweza, n'kusiya PDF ya 40 MB basi.

Maulendo atatu oyamba anayenda bwino, masamba khumikhumi. Ataona kuti dzuwa likupendeka, anaika masamba 20 nthawi imodzi. Pa tsamba la 18 panali lisiti lokhala ndi kawaya kolumikizira mapepala, ndipo pepalalo linakodwa m'kati mwa sikana. Pulogalamu inauma, osayankha chilichonse. Anadikira pang'ono, kenako anatsegula Task Manager n'kuitseka mokakamiza.

Pulogalamu yotsekedwa chonchi sipeza mpata wosesa pamene inagwirira ntchito. Masamba 18 aja, 1.8 GB yathunthu, anatsala pamene anali, mu foda imene kalaliki satsegula pa moyo wake wonse wa ntchito. Tikachotsanso 120 MB ya ma PDF atatu aja, pa disiki panatsala malo osapitirira 180 MB. Nthawi yomweyo pakona ya kumunsi kumanja kwa sikirini panatuluka kabokosi:

```
Low Disk Space
You are running out of disk space on Local Disk (C:).
```

Anakaona. Sakana zimenezi. Manja ake anali akuda ndi fumbi la m'sikana, m'mutu muli masamba 30 otsala ndi mizere yoposa 400 yoti alowetse. Anadina kamtanda, kabokosi kanachoka.

Ine sindimuweruza kwambiri pamenepa, ndipo ndinene chifukwa chake. Munthu wogwira ntchito pa kompyuta tsiku lonse amatulukiridwa timabokosi tambirimbiri. Kena kakuti pulogalamu yakuti ikufuna kukonzedwanso, kena kakuti inki yatsala pang'ono kutha pamene isindikizabe kwa mwezi wathunthu, kena kotsatsa malonda. Pafupifupi tonse ukatitseka sipachitika kanthu, ndiye dzanja limaphunzira kutseka maso asanawerenge. Vuto n'lakuti kabokosi ka malo a pa disiki kamaoneka chimodzimodzi ndi tinzake topanda ntchito tija, kukula kofanana, pakona yomweyo, pamene iko kamabwera zinthu zitafika kale pothina. Kuyambira nthawi ya Windows XP, chenjezo loyamba limatuluka malo akachepera 200 MB, lachiwiri akachepera 80 MB, lachitatu akachepera 50 MB. Pa nthawi ya XP, 200 MB anali malo ndithu. Masiku ano ndi masamba awiri a sikana ija.

Sikana anaisiya. Anatenga foni yake n'kujambula masamba 30 otsalawo limodzilimodzi patebulo, analumikiza chingwe, n'kukopera zithunzizo pa Desktop. Chithunzi chilichonse chinali cha 3 MB kapena kuposerapo pang'ono, zonse pamodzi 90 MB. Malo anatsika kuchoka pa 180 kufika pa 90. Kenako anazimata zithunzizo m'kati mwa fayilo ya Excel momwemo, pa tsamba lachiwiri, monga mmene ankachitira miyezi yonse kuti ofufuza asamavutike kufunafuna. Fayiloyo inali kale ya 30 MB chifukwa cha zithunzi za m'mbuyomu. Excel imachepetsako zithunzi poseva, komabe fayilo inakula kufika pa 60 MB.

Nthawi ili 19:42 anadina Ctrl+S kuti aseve, ndipo zinatheka. Anali atafika pa mzere wa 212. Aka kanali komaliza kuti chilichonse cha ntchito yake chilembedwe pa disiki usiku umenewo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukamaseva fayilo imene ilipo kale, kompyuta imangowonjezera zatsopanozo pansi pa zakale, ndiye ngati wangolemba manambala ochepa pakufunika malo ochepanso. Excel ndi Word sizichita choncho. Zimalemba fayilo yonse mwatsopano, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, pa dzina longoyembekezera mu foda yomweyo. Zikatsimikiza kuti yatsopanoyo yalembeka yonse, m'pamene zimafufuta yakale n'kupereka dzina lake kwa yatsopano. Zili ngati munthu amene akukopera kalata pa pepala loyera, sang'amba yakaleyo mpaka atamaliza, choncho kwa kanthawi amafunika mapepala awiri. Njira imeneyi ndi yanzeru, chifukwa magetsi akazima kuseva kuli pakati, fayilo yakale imapulumuka. Koma mtengo wake ndi wakuti fayilo ya 60 MB imafuna malo ena opanda kanthu okwana 60 MB nthawi iliyonse imene mwadina Ctrl+S, ngakhale mutangosintha nambala imodzi.

Pa 19:42 paja malo analipo 90, fayilo yatsopano inafuna 60, inakwana. Yakale ya 30 itafufutidwa, panatsala pafupifupi 60. Chenjezo lachiwiri linatuluka, mawu ake atasintha pang'ono, tsopano likuti very low. Analitsekanso. Kuseva kotsatira kunkafuna malo onse otsalawo ndi kakang'ono pamwamba, chifukwa mizere inkawonjezeka. Ndipo malowo sanali kuima. Mu ofesi munali zii, anzake onse atapita, ndiye anatsegula nyimbo pa intaneti kuti asaodzere. Pulogalamu yotsegulira intaneti imasunga pa disiki tizidutswa ta zimene ikukuonetsani ndi kukuimbirani. Pang'onopang'ono 60 inakhala 55, kenako 48.

Mmene kalalikiyu amagwirira ntchito ndimakudziwa, ndipo n'kosiririka. Maso amakhala pa lisiti, dzanja lamanzere likutsata mzere ndi rula, lamanja lili pa manambala a kumanja kwa kiyibodi. Deti, Tab, nambala ya lisiti, Tab, ndalama, Enter. Akamaliza tsamba, chala chaching'ono ndi chapakati zimadina Ctrl+S zokha, iye akutembenuza pepala. Sayang'ana pa sikirini kwa mphindi zingapo. Ndiye taonani zimene zinkachitika. Akadina Ctrl+S, Excel inkayesa kulemba fayilo yatsopano ija, malo n'kutha isanamalize, n'kutulutsa kabokosi pakati pa sikirini:

```
Document not saved.
```

Kabokosi kameneka kali ndi batani la OK, ndipo ukadina Enter ndiye kuti wadina OK. Iye maso ali pa pepala ankalemba mzere woyamba wa tsamba latsopano, zilembo zonse n'kumagwera pa kabokosiko osalowa paliponse, kenako Enter, kabokosi n'kuchoka. Akadzutsa mutu ankapeza sikirini ili bwinobwino, kungoti mzere umodzi ukusowa. Anandiuza kuti anadabwa nazo kangapo, kuti mzere woyamba wa tsamba ukumasowa bwanji, koma anaganiza kuti ndi tulo. Ankangoulembanso n'kupitiriza.

Nanga bwanji Excel sinamusungire yokha? Funso limeneli aliyense amafunsa. Excel ilidi ndi AutoRecover, imene mwachizolowezi imasunga kope la ntchito yanu mphindi khumi zilizonse. Koma kopelo imalilemba pa disiki yomweyo ya C:, ndipo kukula kwake n'kofanana ndi fayilo yeniyeniyo. Pamene Ctrl+S yalephera chifukwa cha malo, AutoRecover nayonso ilibe poponda. Chitetezo chimenechi anachipangira kuzima kwa magetsi ndi kuuma kwa pulogalamu. Disiki yodzaza ndi vuto lina.

Cha m'ma 10 koloko chenjezo lachitatu linali likubwerabwera, ukalitseka pakapita mphindi zochepa labweranso, mpaka linamutopetsa. Apa anachitapo kanthu, ndipo anachita chinthu chomveka. Anatsegula Downloads, napeza mafayilo a zaka zingapo, ena obwerezabwereza okhala ndi (1), (2), (3) kumapeto kwa dzina. Anasankha ambirimbiri, okwana 3 GB, n'kudina Delete. Foda inayera. Anapumira m'mwamba n'kubwerera ku malisiti ake. Patapita mphindi zisanu kabokosi kanatulukanso.

Batani la Delete silichotsa fayilo pa disiki. Limangoisamutsira mu Recycle Bin, ndipo Recycle Bin ili pa disiki yomweyo, moti malo amene fayiloyo inkadya ikudyabe. Malo amabwerera pokhapokha mukakhuthula binilo. Kanali kachizindikiro kali pakona ya Desktop yake, kakuoneka kodzaza mapepala, ndipo kukhuthula binilo kokha kukanamupatsa 3 GB. Koma kwa iye zimene zinachitikazo zinamuuza zina. Anaona kuti wafufuta zinthu zochuluka chonchija koma kompyuta ikudandaulabe, ndiye anatsimikiza mumtima kuti chenjezolo ndi labodza, kompyuta yangosokonezeka mutu. Kuyambira pamenepo sanalilabadirenso n'komwe.

Nthawi itangopitirira 12 koloko usiku analemba mzere wa 430, womaliza. Anayang'ana chiwonkhetso pansi, chinagwirizana ndi cha m'buku la ndalama mpaka pa nambala yomaliza. Anayendetsa mausi kuchokera pamwamba mpaka pansi, mizere yonse ilipo, zithunzi zilipo. Ndipo pamenepa ndi pamene nkhaniyi imandipweteka, chifukwa pa nthawi imeneyo palibe chimene chinali chitatayika. Ntchito yonse ya maola anayi ndi theka inali yamoyo. Inali mu memore ya kompyuta, malo amene pulogalamu imagwiriramo ntchito ikakhala yotsegula, amene amasunga zinthu pokhapokha magetsi akuyenda. Zimene timaona pa sikirini zimachokera mu memore. Sizinena kanthu za zimene zili pa disiki. Pa disiki panali fayilo ya 19:42 ija, ya mizere 212.

M'thumba mwake munali fulashi ya 16 GB, pafupifupi yopanda kanthu. Iye ndi munthu wosamala, sakhulupirira kusunga ntchito malo amodzi, ndiye anaibaya pa kompyuta. Anatsegula foda ya Documents, anagwira fayilo ija ndi mausi, n'kuikokera ku fulashi. Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka kumapeto. Anachotsa fulashi bwinobwino, n'kukaiika mu envelopu patebulo la abwana.

Kukoka fayilo chonchi kumakopera zimene zili pa disiki. Sikufunsa Excel kuti m'manja mwake muli chiyani. Akanakhala kuti ali mu Excel momwemo anadina F12, kapena File kenako Save As, n'kusankha fulashiyo, Excel ikanalemba mizere yonse 430 kuchokera mu memore kupita ku fulashi, kumene malo anali mbwee, ndipo kawirikawiri zimenezi zimatheka ngakhale C: itathina chonchija. Fulashi yake yomweyo, doko lomwelo, mphindi yomweyo. Kwa munthu woona ndi maso njira ziwirizi zimangofanana, zonse zimathera pa fayilo ya dzina lomwelo pa fulashi.

Kenako anadina Shut down. Sikirini inasintha mtundu, n'kulemba kuti pali pulogalamu imene ikuletsa kompyuta kuzima, dzina la fayilo yake lili pomwepo. Pansi panali mabatani awiri, Shut down anyway ndi Cancel. Iye ankadziwa kuti waseva kambirimbiri usiku wonse, komanso kope lili pa fulashi. Anadina Shut down anyway, anazimitsa magetsi a mu ofesi, n'kumapita.

Foni yake inandipeza nthawi isanakwane 8 koloko.

"Achimwene, tabwerani msanga. Fayilo yanga yadyedwa ndi vairasi."

Nditafika ndinapeza abwana ataima kumbuyo kwa mpando wake, fulashi ili pa laputopu yawo. Ndi mayi osakonda kukweza mawu, koma tsiku limenelo nkhope inali itasintha.

"Bambo, mwandiuza kuti munamaliza. Ine ndikuona mizere 212. Ina ili kuti?"

"Bwana, ndinamaliza ndithu. Chiwonkhetso ndinachiona ndi maso angawa. Ndachoka muno 12 koloko itadutsa, mlonda angandichitire umboni."

Sindinayambe ndi kutsegula fayilo. Ndinatsegula foda ya Documents, n'kuiika kuti ionetse Details, ndipo ndinaloza ndi chala pa danga la Date modified. Linali likunena 19:42, dzulo lake. Pa fulashi chimodzimodzi. Danga limeneli limasintha nthawi iliyonse imene kuseva kwathekadi, ndiye ndi mboni yosavuta kufunsa. Mukakayikira ngati ntchito yanu yalowa pa disiki, yang'anani pamenepo muyerekeze ndi wotchi. Zikasiyana ndi maola, musatseke pulogalamuyo.

"Munaona uthenga uliwonse usikuwu?" ndinamufunsa.

"Wa malo a pa disiki uja. Koma ndinafufuta zinthu zambiri, sunasiye."

"Bini munakhuthula?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pakona ya sikirini. Sanayankhe.

Ndinafufuzabe, chifukwa nthawi zina mwayi umakhalapo. Mu Excel ndinapita pa File, Info, Manage Workbook, Recover Unsaved Workbooks. Munalibe kanthu. Kenako ndinadina batani la Windows pamodzi ndi R, n'kulemba malo amene AutoRecover imasungira makope ake:

```
%AppData%\Microsoft\Excel
```

Namonso munalibe cha usikuwo. Ndinayang'ananso mu Documents ngati mwatsala fayilo ya dzina lachilendo, la manambala ndi zilembo zosakanikirana lopanda mchira wa .xlsx, chifukwa kuseva kukalephera pa sitepe yomaliza yeniyeni, pa kusintha dzina paja, fayilo yongoyembekezerayo imatha kutsala yathunthu ndipo imatseguka. Apa sizinali choncho. Kulembako kunkalephera pakati, ndipo ngakhale chidutswa chikanatsala sichikanathandiza kwenikweni. Fayilo ya .xlsx m'kati mwake ndi mtolo wopanikizidwa wa mtundu wa ZIP, ndipo mndandanda wa zimene zili mu mtolowo umalembedwa kumapeto. Yoduka pakati imakhala yopanda mndandandawo, Excel n'kuikana.

Abwana anafunsa funso limene ndinkaliyembekezera.

"Si paja pali mapulogalamu obwezeretsa zinthu zofufutika? Sitingagwiritse ntchito amenewo?"

"Alipo, bwana, koma amabweza chinthu chimene chinalembedwapo pa disiki kenako n'kufufutidwa. Mizere imene tikufunayi sinafikepo yathunthu pa disiki. Inali mu memore, ndipo memore imayera kompyuta ikazima."

Kupeza chimene chinadya malo sikunatenge nthawi. Pa kabokosi ka Windows ndi R komweko ndinalemba:

```
%temp%
```

Ndinasanja mafayilo potengera kukula, ndipo pamwamba penipeni panali mafayilo 18 ofanana, iliyonse pafupifupi 100 MB, onse olembedwa mphindi zotsatizana madzulo a Lachinayi. Kalaliki anawerama n'kuwerenga ndi chala. Atafika pa 18 anangoti, "Kawaya kaja." Ndinawafufuta ndi Shift+Delete kuti asadzere mu bini, ndinamupempha kuti aone kaye ngati mu Recycle Bin mulibe chimene akuchifunabe, kenako tinakhuthula. Malo anachoka pa 40 MB kufika pafupifupi 5 GB. Pambuyo pake ndinayendetsa Disk Cleanup, imene imatseguka mukalemba cleanmgr, ndipo nditadina Clean up system files inapezanso zotsalira za kukonzedwa kwa Windows zokwana magigabayiti angapo. Zonsezi zinatha abwana asanamalize kuimba foni yopempha ofufuza aja kuti ayambe ndi mabuku ena.

Pano pali chenjezo limodzi limene ndimapereka kwa aliyense wofuna kutengera zimenezi. Musasese foda ya %temp% pamene ntchito yanu yosaseva ili yotsegula. Mapulogalamu otsegula amasungamo zinthu zimene akugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Windows imakana kufufuta zambiri mwa zimenezo, koma si zonse. Choyamba ndi kupulumutsa ntchitoyo ndi Save As kupita ku fulashi kapena ku disiki ina, n'kutsegula kopelo kuti muone ndi maso kuti mzere womaliza ulimo. Kusesa kumabwera pambuyo. Ngati palibe fulashi pafupi, kukhuthula Recycle Bin ndi kumene sikukhudza pulogalamu iliyonse yotsegula, ndipo nthawi zambiri kumapereka malo okwanira kuti Ctrl+S itheke.

Mizere 218 inayenera kulembedwanso, panalibe kuchitira mwina. Abwana anaitana mtsikana wa pa tebulo lolandirira alendo kuti azimuwerengera malisiti mokweza iye akulemba. Zinayenda msanga kuposa usiku, chifukwa malisiti anali atasanjidwa kale, ndipo ovuta kuwerenga anali atawalemba manambala ake ndi pensulo m'mbali. Ndisanachoke ndinachita zinthu ziwiri. Zithunzi zonse ndinazitulutsa mu Excel n'kuziika mu foda yakeyake pafupi ndi fayiloyo, ndipo fayilo ya 60 MB ija inatsika osakwananso 1 MB, moti Ctrl+S inkatha munthu asanaphethire. Sikana ndinaitsitsa kufika pa 300 dpi, yopanda mitundu, yotuwa chabe. Tsamba limodzi losapanikiza pamenepo silikwana 9 MB, ndipo lisiti limawerengeka bwinobwino, ngakhale chidindo chofufuma chimaoneka.

Fayilo inaperekedwa 11 koloko itadutsa. Ofufuzawo sanadandaule kwambiri, anali atatanganidwa ndi buku la mafuta a galimoto. Abwana anandiitana mu ofesi mwawo n'kundifunsa ngati pakufunika kugula kompyuta ina. Ndinawauza kuti kompyutayo ilibe vuto, koma disiki ya 120 GB yachepa pa ofesi imene imasikana mapepala tsiku lililonse, ndipo kuika yaikulupo ndi ntchito ya masana amodzi. Anati ndilembe pa fomu yopemphera katundu, aiona mwezi wamawa.